Mphindi ziwiri zoyambirira pa defeza: poyambira m'pati?

*Aphunzitsi, ndine mwana wa ku Tsangano, ndikumaliza lisensiyatura, digiri yoyamba, ya zaulimi, ndipo defeza yanga, tsiku loteteza ntchito yanga pamaso pa juri ya aphunzitsi ondiyesa, ili sabata ya mawa. Monografiya yanga, buku la kafukufuku wanga womaliza, ndi ya chiwawu, matenda a kachewere. Ndinayesa kupopera mankhwala a mankozebe masiku 7 aliwonse, masiku 14 aliwonse, kupopera pokhapokha chiwawu chikaoneka, ndi kusapopera n'komwe, m'munda umodzi kufupi ndi Ulongwe, dzinja limodzi. Za m'katimo ndikuzidziwa. Chondisowetsa tulo ndi poyambira: juri ndiipatse moni wotani, ndidzitchule bwanji, funso la kafukufuku ndilinene pati? Ndikamayeserera ndekha ndimatha mphindi 5 ndisanafike pa kachewere. — Nangozo, Tsangano*

A Nangozo, kumene mphindi 5 zanuzo zikuthera ndikukudziwa: m'malonje. Ife tinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu sufikira pa nkhani. Umayamba wakhala pansi, kufunsa za kunyumba, kuthokoza, kenaka n'kunena chimene wadzera. Mwambo umenewo ndi wabwino, koma m'chipinda cha defeza muli wotchi, ndipo amene waigwira ndi pulezidenti wa juri. M'masukulu ambiri wophunzira wa lisensiyatura amapatsidwa mphindi 15 kapena 20 kuti afotokoze ntchito yonse. Nambala yeniyeni ili m'malamulo a sukulu yanu, chifukwa Yunivesite ya Zambeze ku Ulongwe, Yunivesite ya Pungwe, Politekiniku ya Tete ndi Katolika aliyense ali ndi malamulo ake, choncho kafunseni ku ofesi kapena kwa supavaiza wanu musanakonze chilichonse. Ngati ndi 15, ndiye kuti malonje anu akudya gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo chimene chidzafinyidwe ndi zotsatira, zomwe ndiye mwakhetsera thukuta dzinja lonse. Moni, dzina ndi funso zikwane m'mphindi 2. Munthu wolankhula modekha m'Chipwitikizi amatulutsa mawu pafupifupi 120 pa mphindi, ndiye mukalemba mawu oyambirawo asapitirire 240.

Tiyambe taona amene mukulankhula nawo. Pathebulo nthawi zambiri pamakhala anthu atatu. Pakati pali pulezidenti, amene amatsegula msonkhano, kutchula anzake, kukupatsani mpata wolankhula ndi kusunga nthawi. Mbali ina kuli supavaiza wanu, yemwe ntchitoyi akuidziwa kale ndipo mtima wake ukugunda limodzi ndi wanu. Mbali inayo kuli oponenti, amene ntchito yake ndi kufufuza pofooka. Ine ndakhalapo pampando wa oponentiwo kambirimbiri, ndipo ndikutsineni khutu pa zimene ndimachita pamene wophunzira akupereka moni. Sindimvetsera kwenikweni moniwo. Ndimakhala nditatsegula monografiya patsamba pamene palembedwa vuto, funso ndi zolinga, pensulo ili m'manja, kudikira kuti ndimve ngati funso lotuluka pakamwa likufanana ndi lolembedwa papepala. Zikasiyana, funso langa loyamba lapezeka ndisanalifune.

Moni ndiye wosavuta. Musayambe kulankhula pulezidenti asanakupatseni mpata, ngakhale datasho yoonetsera masilaidi itayaka kale ndipo aliyense akukuyang'anani. Akakupatsani, thokozani iyeyo kaye, kenaka perekani moni kwa oponenti ndi supavaiza, pomaliza kwa ena onse amene ali m'chipindamo, onse pamodzi m'mawu amodzi. Pamene ana ambiri amapunthwa ndi pa maudindo. Kwathu kuno womaliza lisensiyatura timamutcha kale dotori, ndipo papepala amalemba `dr.` ndi chilembo chaching'ono, pomwe amene ali ndi digiri yapamwamba yeniyeni amalembedwa `Doutor` mawu onse. Palinso mesitiri, wa digiri yachiwiri, ndi injinyeru. Kutcha mesitiri munthu amene anavutikira udotori zaka zambiri sikungakulepheretseni mayeso, koma nkhope yake idzakuuzani kuti mwaponda pachilonda, ndipo inuyo mudzasokonezeka. Maina ndi maudindo kawatengeni pachikalata cholengeza defeza yanu, muwalembe pakapepala. Ngati juri yasintha m'mawa womwewo, zomwe zimachitika, tchulani mipando yokha: a pulezidenti, mamembala olemekezeka a juri. Pamenepo palibe angadandaule.

Podzitchula pakufunika zinthu zochepa: dzina lonse monga lalembedwera pachikuto, kosi yanu, mutu wa ntchito ndi dzina la supavaiza. Basi. Kuthokoza Mulungu, makolo, amalume amene ankatumiza ndalama ya fizi, anzanu a m'kalasi, zonsezo zili kale patsamba lake m'monografiya, ndipo mungathe kuzinena pamapeto ngati mpata utsala. Ndikudziwa kuti amayi akakhala kumbuyo kwa chipinda, atavala chitenje chawo chatsopano, atadzuka m'bandakucha kuchokera ku Tsangano, zimawawa kusawatchula. Adzatchulidwa panja, pojambulitsa. Chinanso choti muchisiye pakhomo ndi pepani. Ambiri amayamba ndi kupepesa kuti ali ndi mantha, kuti Chipwitikizi chawo n'chopereweza, kuti ntchitoyi mwina ili ndi zolakwika. Kwathu kumeneko n'kudzichepetsa. Kwa juri ndi kuulula mlandu umene sanakufunseni.

Za Tsangano zokha ndingakuloleni kuzitchula, chifukwa kwa inu kumene mukuchokera ndi khomo lolowera m'vuto. Kunena kuti munakulira kumene anthu amadalira kachewere, ndipo munaona minda ikupsa ndi chiwawu mvula ikalimbikira, kukufikitsani pa funso m'chiganizo chimodzi. Mukanakhala kuti mukufufuza za malasha a ku Moatize, ndikanati za kwanu zisiyeni.

Tsopano funso lenilenilo, pamene pagona nkhani yonse. Chimene munena pamenepa ndi malire a munda umene juri idzakuyeserani. Mukatchula munda waukulu kuposa umene munalima, adzakufunsani za mizere imene simunapondemo.

Ophunzira ambiri amati: "Ntchito yanga ikukamba za chiwawu cha kachewere ku Angonia." Limeneli si funso, ndi mutu wa nkhani. Mungalizindikire chifukwa silingayankhidwe. Palibe tebulo m'monografiya yanu limene mungaloze n'kunena kuti yankho ndi ili. Oponenti akamva zotere amapeza ufulu wofunsa chilichonse chokhudza chiwawu: mbewu zopirira, kasinthasintha wa mbewu, mankhwala ena, msika.

Ena, pofuna kuti ntchito imveke yaikulu, amati: "Kodi njira yabwino koposa yothetsera chiwawu ku Angonia ndi iti?" Ili ndi funso ndithu, koma lili ndi misampha itatu, ndipo yonse mwaitchera nokha. Woyamba ndi mawu akuti kuthetsa. Mankozebe sachiza. Amakhala pamwamba pa tsamba n'kutchinga kuti matenda asalowe, mvula yamphamvu imawatsuka, ndipo tsamba lophuka pambuyo pa kupopera limakhala lopanda chitetezo. Tsamba limene lagwidwa kale silibwerera. N'chifukwa chake nkhani ya kutalikirana kwa masiku opopera ili yofunika kuifufuza. Mukati kuthetsa, oponenti wodziwa za matenda a mbewu adzakufunsani mmene mankhwalawo amagwirira ntchito, osati pofuna kudziwa, koma pofuna kuona ngati inu mukudziwa. Msampha wachiwiri ndi yabwino koposa. Yabwino poyeza chiyani? Imene yachepetsa kupsa kwa masamba, imene yatulutsa makilogalamu ambiri, kapena imene yasiyira mlimi ndalama zambiri atachotsa mtengo wa mankhwala ndi wa aganyu opopera? Zitatuzi sizilozera njira imodzi nthawi zonse. Kupopera sabata iliyonse kungapereke zokolola zambiri koma n'kudya phindu. Wachitatu ndi ku Angonia. Inu munalima munda umodzi, dzinja limodzi. Chiwawu chimakonda nyengo yozizira ndi ya chinyontho, masamba akakhala onyowa nthawi yaitali, ndiye chaka cha mvula yambiri ndi chaka cha ng'amba zingapereke mayankho osiyana pamunda womwewo. Angonia ndi boma lalikulu, ndipo za ku Ulongwe sizingalankhulire Domwe yense, nanji Tsangano amene ndi boma lina.

Funso limene ntchito yanu ingathe kuliyankha lili chonchi: "Kodi kutalikirana kwa masiku opopera mankozebe kumasintha motani kukula kwa chiwawu ndi zokolola za kachewere wa mtundu wakutiwakuti, m'munda wa kufupi ndi Ulongwe, m'dzinja la chaka chakuti?" Taonani zimene zalowamo. Muli chimene inu munasintha ndi manja anu, ndiwo masiku opopera. Muli zimene munayeza, kukula kwa matenda ndi zokolola. Muli mbewu yake, malo ndi nyengo. Ngati munawerengeranso ndalama, onjezani phindu. Ngati simunawerengere, mawu akuti phindu asatuluke pakamwa panu m'mphindi ziwirizi, ngakhale mutaganiza kuti akukometsa. Ndipo funso likhale limodzi. Ndaonapo wophunzira akutchula mafunso atatu motsatizana poganiza kuti kuchuluka ndiye nzeru, ndipo pofika pamapeto anali atayankha theka la limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mwina mukuti funso lotere likuchepetsa ntchito yanu. Ayi. Pa lisensiyatura sitiyembekezera kuti mupulumutse alimi a chigawo chonse cha Tete. Timafuna kuona ngati mungafunse chinthu chimodzi bwinobwino, kuchiyeza mwadongosolo, ndi kunena zimene mwapeza osawonjezera mchere. Wophunzira amene wanena yekha kuti munda unali umodzi ndipo dzinja linali limodzi wandilanda funso limene ndinabwera nalo m'thumba.

Pali ntchito imodzi yoti muichite lero, musanakhudze masilaidi. Tengani pepala, mulembe zinthu zinayi chimodzi pansi pa chinzake, mokopera ndendende kuchokera m'monografiya: mutu, funso, cholinga chachikulu, ndi chiganizo choyamba cha mawu anu omaliza. Kenaka ziwerengeni mokweza. Kodi zikutchula mbewu imodzi, malo amodzi, zoyezedwa zimodzimodzi? Kawirikawiri zimasiyana, chifukwa funso linalembedwa chaka chatha pa nthawi ya polojekiti, ntchito n'kusintha ili m'munda, koma tsamba lija osakonzedwa. Mungapeze kuti mutu ukuti Angonia, funso likuti alimi ang'onoang'ono, cholinga chikuti kuyerekeza mankhwala, pomwe mawu omaliza akukamba za masiku opopera. Mukapeza zotere sabata isanakwane, musasinthe mwakachetechete pa silaidi n'kumayembekezera kuti saona. Adzaona, poti makope awo ali nawo kale. Pitani kwa supavaiza, mugwirizane mawu oyenera, ndipo ngati sukulu yanu imalola kapepala kokonza zolakwika, kaperekeni juri isanakhale. Polankhula nenani funso limene zotsatira zanu zikuyankha, ndipo oponenti akakufunsani za kusiyanako, vomerani kuti mawu a patsamba lakuti anatambalala kuposa ntchito yomwe inachitika, ndipo mudzawakonza m'kope lomaliza. Yankho limenelo limatha m'masekondi 20. Kukana kumatha mphindi 10.

Ndikulembereni mmene ndingayambire ndikanakhala inu. Ndalemba m'chinenero chathu kuti muone mafupa ake, inu mukaziveke Chipwitikizi.

"Zikomo a pulezidenti pondipatsa mpata. Ndikupereka moni kwa a pulezidenti, kwa a oponenti, kwa supavaiza wanga, ndi kwa nonse muli muno. Dzina langa ndine uje, wa kosi yakuti. Ndabwera kudzateteza monografiya ya mutu wakuti, imene ndalemba motsogozedwa ndi auje."

Apa masekondi 30 akwana. Pumani pang'ono, sinthani silaidi.

"Ndinakulira ku Tsangano, kumene mabanja ambiri ndalama zawo zimachokera ku kachewere. M'dzinja chiwawu chimatha kupsereza munda m'masiku ochepa. Alimi amadziteteza popopera mankozebe, koma sapopera mofanana: ena sabata iliyonse, ena pakatha masabata awiri, ena amadikira kuti aone mawanga pamasamba. Kupopera kulikonse n'ndalama, ndipo kuchedwa kulikonse kungathe kuwononga zokolola."

Apa mwafika mphindi imodzi ndi pang'ono. Ndiye funso lija, pang'onopang'ono, monga lalembedwera. Mukalinena, khalani chete masekondi awiri kapena atatu. Kwa inu adzaoneka ngati chaka, koma ndi nthawi imene oponenti akuyerekeza ndi tsamba lake n'kuika chizindikiro. Kenaka chiganizo chimodzi chotsekera: "Kuti ndiyankhe, ndinayerekeza njira zinayi m'munda umodzi, ndipo ndifotokoza mmene ndinachitira, zimene ndinapeza, ndi malire ake." Mwalowa m'ntchito.

Mwaona kuti sindinayambe ndi mbiri ya kachewere padziko lonse, kuti anachokera ku mapiri a Andes, kapena za njala ya ku Ireland ya m'ma 1840 imene chiwawu chomwechi chinadzetsa. Zonsezo n'zoona, ndipo zili ndi malo ake m'mutu wachiwiri wa monografiya. Koma juri ya zaulimi imazidziwa, ndipo wophunzira akayamba ndi "padziko lonse lapansi" ife timadziwa kuti ulendo wofika ku Ulongwe utenga mphindi zinayi. Sindinaikemonso nambala ina iliyonse ya matani kapena maperesenti a zokolola zotayika. Ngati muli nayo yochokera m'buku limene mwalitchula m'monografiya, ikani imodzi yokha, ndipo mudziwe kumene yachokera, chifukwa nambala yonenedwa poyambirira ndiyo imafunsidwa gwero lake. Ngati ndi yongomva, isiyeni.

Za chinenero. Ambiri a ife timaganiza m'Chichewa, n'kumatembenuza m'mutu, ndipo mantha akabwera chotembenuziracho chimayamba kujejema. Mankhwala ake si kuloweza zonse. Woloweza zonse amamveka: amathamanga, mawu ake sakwera kapena kutsika, ndipo akaiwala liwu limodzi amaima chilili n'kubwerera poyambira chiganizo. Lowezani zinthu ziwiri zokha, moni ndi funso. Moni chifukwa ndi pamene mawondo akunjenjemera kwambiri ndipo pakamwa pafunika kuyenda pokha. Funso chifukwa liyenera kutuluka liwu ndi liwu monga lalembedwera. Zapakatipo zinenedwe ndi mawu anu, m'ziganizo zifupizifupi, ngakhale zitatuluka mosiyana tsiku lililonse. Musabwereke Chipwitikizi cha m'mabuku chimene simuchilankhula masiku onse, chimakola lilime. Liwu lakuti chiwawu mungalitchule kamodzi, n'kunena kuti ndi mmene alimi amatchulira mildiyu. Zimaonetsa kuti munafika kumunda. Dzina la sayansi likhale pa silaidi, `Phytophthora infestans`, lopendeketsa, P wamkulu ndi i wamng'ono. Ndi kanthu kakang'ono, koma pa juri sipalephera kukhala mmodzi amene maso ake amagwera pomwepo.

Maso nawo ndi nkhani. Mwana wamkazi wa kwathu anaphunzitsidwa kuyang'ana pansi polankhula ndi akulu, ndipo m'chipindamo ambiri amathawira ku khoma kumene kuli silaidi, n'kupatsa juri nkhongo. Pa moni yang'anani munthu amene mukumutchula. Pa funso yang'anani oponenti. Ngati kuyang'ana m'maso kukukulemerani, yang'anani pamphumi, iye sadziwa kusiyana kwake. Silaidi yoyamba ikhale ndi zomwe zili pachikuto, yachiwiri chithunzi chimodzi cha tsamba lopsa chimene munajambula nokha m'munda mwanu, yachitatu funso lokha m'zilembo zazikulu. Musaliwerenge kuchokera kukhoma.

Ndinaphunzira kufunika kwa zimenezi tsiku lina pasukulu ina, magetsi atazima mnyamata wina atangotchula dzina lake. Kunali kotentha monga mudziwira mzinda wa Tete mu Novembala, iye ali mu jekete yobwereka, manja ake aatali kumupitirira. Pulezidenti anati tipitirize. Mnyamatayo anatembenukira kukhoma kopanda kanthu, n'kutembenukiranso kwa ife, n'kunena kuti funso lake linali pa silaidi yachitatu. Chaka chathunthu anagwira ntchito imeneyo, ndipo ntchitoyo inali yabwino, koma funso lake sankatha kulinena popanda makina. Supavaiza wake anachita kumutsegulira tsamba. Anakhoza, koma pokambirana malikisi titatseka chitseko, nkhani imeneyo inabwera, ndipo pa malikisi 20 aja inamudyera. Choncho sindikizani masilaidi anu papepala, makope anayi, atatu a juri ndi limodzi lanu, muwanyamule pamodzi ndi fulashi.

Poyeserera, tcherani wotchi ya pafoni ndipo muimirire, musachite mutakhala pakama. Mukapitirira mphindi 2, dulani pa malonje ndi pa chiyambi cha vuto, funso musalikhudze. Kenaka pezani munthu amene si wa kusukulu, azakhali anu olima kachewere kapena mayi wogulitsa pamsika wa Ulongwe, mumuuze funso lanulo m'Chichewa, kamodzi kokha. Akati "oho, n'zabwino mwanawe," bwererani mukalikonze, sanamve chimene mukufuna kudziwa. Akakudulani n'kufunsa kuti "ndiye mwapeza kuti tizipopera masiku angati?", litengeni momwemo mupite nalo ku juri.